Dzanja la Bwana Wamkulu

Pakampani ya mabasi ankangowatchula Mayi a Pakhomo. Ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku inali ya ukalaliki mu ofesi ya mlembi wa kampani, koma dzinalo analitengera pa msonkhano wa pachaka wa eni masheya, pomwe ankakhala pa tebulo la pakhomo. Analowa ntchito ali mtsikana, mabasi ali atatu okha, ndipo anachita imvi ali pa tebulo lomwelo. Sankaseka ndi munthu pamzere. Wobwera kudzavotera mnzake ankamufunsa chiphaso, n'kuyang'ana ngati fomu yomutuma inafika masiku awiri msonkhano usanachitike, ngati siginecha ikufanana ndi ya mwini masheya, ndiponso ngati mwiniyo anachonga yekha mbali yoti avotere kapena anasiyira wotumidwayo. Ngakhale mlamu wawo weniweni anam'bwezapo ndi fomu yochedwa, ndipo sanalankhulane mpaka pa maliro ena.

Chaka chimenecho nkhani inali yogulitsa depoti ya mabasi. Ana aamuna awiri a bwana wamkulu, mwini wa masheya ambiri, ankafuna igulitsidwe. Mlongo wawo ankakana, ndipo anali ndi fomu yomwe bamboyo anasaina asanadwale sitiroko, atachonga kuti ayi. Mayi a Pakhomo anaiona, inali bwinobwino. Analemba masheya a bwanayo kumbali yokana, dzina la mwana wamkaziyo pambali pake.

Msonkhano uli pafupi kuyamba, anamva matayala akulira pasimenti. Anyamata aja ankakankha bambo awo pa njinga ya odwala. Anali atawaveka suti yomwe tsopano inkawakhwepa, tayi itapotoka, dovu likutsikira pakolala. Fungo la mankhwala ndi mkodzo linafika patebulo iwo asanafike.

"Mwini wake ndi uyu, mayi," anatero mwana wamkuluyo. "Kapepala ka achemwali kaja kang'ambeni."

"Kubwera kokha sikufafaniza fomu. Imagwa pokhapokha akavota okha," anatero Mayi a Pakhomo. Anawerama pafupi ndi khutu la wodwalayo. "Bwana, muvota nokha, kapena akuvotereni mwana wanu?"

Bwanayo anawayang'ana nthawi yaitali, diso limodzi likutuluka misozi.

"Basi ya m'mawa yanyamuka?" anafunsa, lilime likulemera.

"Mwamva nokha, akudziwa za kampani yawo," anatero wamng'onoyo akuseka.

Mlongo wawo anafika patebulopo. "Achimwene, mwawachotsa pabedi? Inu amene simudziwa n'komwe kuti thewera lawo limagulidwa kuti?"

"Iwe khala chete. Wawadyera mokwanira."

Wogamula za mavoti pamsonkhano ndi wapampando, osati kalaliki. Mayi a Pakhomo anapita kukamuuza zomwe anaona ndi kumva. Wapampandoyo, mnzake wa bwana wakalekale, sanafune ngakhale kucheukira pakhomo.

"Pali kalata ya dokotala kapena ya khoti yoti mutu wawo sukugwira?"

"Palibe."

"Ndiye mwini masheya ali pano, avote."

Mapepala ovotera atagawidwa, wamkulu uja anapanikiza cholembera m'zala za bambo ake, n'kuphimba dzanjalo ndi lake. Cholembera chinagwa. Anachitola, n'kufinya kwambiri mpaka wodwalayo anabuula. Anthu ovala bwino m'holoyo anayang'ana m'mafoni mwawo. Mlongoyo anaimirira n'kunena kuti akutsutsa votiyo, ndipo mlembi analemba kutsutsako m'maminitsi osadzutsa mutu.

Pepala linafika patebulo lili lonyowa pakona. Mayi a Pakhomo analigwira ndi nsonga za zala. Anadula mzere pa voti ya wotumidwa, n'kusamutsira masheyawo kumbali yovomera monga anagamulira wapampando. Atawonkhetsa, ovomera anapambana kutalitali. Pansi pa chiwonkhetsocho panali malo a siginecha ya wowerenga mavoti. Anatsekera cholembera chawo.

"Sainani, mayi, anthu akudikira," anatero mlembi.

"Ndawerenga mapepala, awo ali apo. Koma dzanja lomwe lachonga pepala ili ndaliona. Sainani inuyo."

"Mukudziwa kuti anyamatawa ndiwo mabwana tsopano?"

"Ndikudziwa."

Mlembi anasaina yekha. Zotsatira zitalengezedwa, anyamata aja anathamangira kukagwirana chanza ndi loya wa ogula, bambo awo atawasiya pakati pa mipando, pansi pa njinga patachita chithaphwi. Mlongoyo ndi Mayi a Pakhomo anawakankhira kuchimbudzi cha akazi, poti n'chomwe chinali ndi chitseko chachikulu.

Mwezi wotsatira Mayi a Pakhomo anawasamutsira ku sitolo ya matayala akutha, kuseri kwa galaja. Anagwirako mpaka penshoni. Pa tebulo la pakhomo anaikapo mphwake wa wapampando.