Mkazi wa ku Domwe Amene Anaona Moto

Amuna anga ndiwo ankalemba kanyuzi ka ku misau, kumishoni kwa ansembe, kamene akatekisita ankawerenga m'matchalitchi a kumidzi Misa ikatha. Inali nthawi ya nkhondo, ndipo ku boma la Vila Coutinho asipayo, apolisi a atsamunda, ankamva chilichonse.

Chaka china tchalitchi chaudzu cha kufupi ndi Domwe chinapsa. Pofika pamsika nkhani inali itapsa kale: ati achita ndi a gule wamkulu. Mlongo wanga, mkulu wa kwaya koma wamtima wapachala, anayamba kusonkhanitsa anyamata kuti akagwetse dambwe.

Amuna anga sanalembe msanga. Anapalasa njinga kukamva kwa akhristu, kenaka kwa akulu a gule, kenaka anabwererakonso. Ulendo umenewo anabwera ndi mtedza wokazinga, womanga pakansalu ka chitenje. Mwamuna samanga mfundo yotero. Mtima unandiwawa.

"Wakupatsani ndani?"

"Mayi wina amene anaona moto ukuyamba."

"Alibe dzina mayiyo?"

"Ali nalo, mayi a mwana, koma ndinalonjeza. Likamveka, asipayo akamutenga kukamufunsa, ndipo kwawo akamuyesa kazitape."

"Ndiye ine ndine msipayo?"

"Inu mumapita kuchigayo," anatero mofatsa.

Kufatsa kwawoko ndiko kunkandipsetsa mtima. Ine wowachapira, wowaberekera ana, osandikhulupirira ndi dzina limodzi lokha. Ndinagona choyang'ana kukhoma, ndi nsanje yosaneneka.

M'mawa ndinasuzumira zimene ankalemba, kufuna dzinalo. Munalibe. Ndinangoona kuti afufuta mawu oti "akunja", amene ansembe eniake ankawatchula paguwa. Ndinawauza kuti akapitanso ku Domwe adzandipeza kwa amayi anga. Anapitabe, ati mboni imodzi siikwana. Anakapeza mkulu wina woweta ng'ombe, wosadziwana ndi mayiyo, amene ananena zofanana. Ine ndinamanga katundu wanga, koma ndinangomuika pakhomo.

Lamulungu katekisita anawerenga. Kanyuziko kanati tchalitchi chapsa masana, anthu awiri amene anaona paokhapaokha akuti moto unachokera kutchire kumene kunkasakidwa mbewa, ndipo amene anauyatsa sakudziwika. Kanatinso akulu a mudziwo, opemphera ndi osapemphera omwe, alonjeza udzu ndi mitengo. Gule sanatchulidwe, ngakhale mtundu wa munthu.

Mlongo wanga anang'ung'udza kuti alamu ake ndi amantha, koma anyamata aja anabalalika. Patapita masiku iyenso anakasenza nawo udzu.

Ine tsiku lofolera ndinapita, osati chifukwa cha Mulungu ayi. Ndinkayang'ana zitenje za akazi, kufuna chong'ambika kumphepete. Sindinachipeze.

Katundu uja ndinamasula. Amuna anga anakhala nane mpaka imfa, ndipo akudwala ndinawafunsanso. Anangomwetulira. Zinsinsi zanga zonse ankazidziwa, zina ankandiseka nazo pamaso pa ana, koma cha mkazi uja anapita nacho kumanda chili chomanga. Kansaluko ndikali nako.