Mizere Iwiri ya Tofazzal

Ku Nilkhet, msika wa mabuku ndi mashopu a fotokope, aliyense amadziwa kuti Tofazzal sagwiritsa ntchito mpando. Mpandowo ulipo m'shopu mwake, koma amene amakhalapo ndi mapepala. Tiyi amamwa choimirira. Makina a fotokope akamalavula mapepala iye amawawomba pambali ngati akufulumiza ng'ombe, ndipo magetsi akathima amayenda kuchoka pakhomo kukafika kukhoma n'kubwerera, mpaka anzake kumuuza kuti atha simenti.

Shopuyo ndi theka chabe. Theka linalo, kuseri kwa thabwa lopyapyala, muli achimwene ake a Mokhlesur. Zaka zambiri anagwira ntchito pamodzi, mkuluyo pa kompyuta, mng'onoyu pa makina. Kenako Tofazzal anatopa ndi kutumidwa ngati mwana pamene ndevu zake zayamba imvi. Anakangana, anakhoma thabwa pakati, ndipo chichokereni tsiku limenelo amamvana kutsokomola koma moni sapatsana.

Makasitomala ambiri anatsalira kwa mkuluyo. Mkazi wa Tofazzal anali atayamba kale kunena zobwerera kumudzi ku Bogura. Ndiye m'mawa wina aphunzitsi a Nirmal Saha, amene amaphunzitsa ana mazanamazana okonzekera mayeso olowera ku yunivesite, atalowa kwa Tofazzal osati kwa mkuluyo, mtima wake unadumpha.

"Achimwene anu ntchito yawachulukira," anatero aphunzitsiwo. "Ndikuyeseni inu. Zikakhala bwino, mapepala anga onse a chaka chino ndi anu. Koma zakuda ndi zoyera basi, ana anga sangathe za mitundu. Ndibwera madzulo."

"Musadandaule, bwana. Muwapeza akadali otentha."

Masamba a malemba okhaokha sanavute. Vuto linali tsamba limodzi lokhala ndi galafu yosonyeza mmene mitengo ya mpunga, anyezi ndi mphodza yakhala ikusinthira. Aphunzitsiwo anachita kuijambula ndi foni kuchokera m'buku, n'kumutumizira Tofazzal pa foni yake. Mizere inali itatu yamitundu, ndipo pansi panali kabokosi konena kuti mtundu uwu ndi wa chakuti.

Aliyense wa ntchitoyi amadziwa chimene chimachitika mitundu ikachotsedwa. Chikasu chimazilala mpaka kusowa. Buluu amada. Koma chofiira ndi chobiriwira zimasanduka kutuwa kumodzi, ngati ana amapasa. Makina a fotokope nawo amawonjezera nkhanza: chotuwa pang'ono amachifufuta, chotuwa kwambiri amachidetsa bii. Ndipo ana asukulu sagula onse; mmodzi amagula, anzake n'kukopa pepala lakelo, ena n'kukopanso lokopedwalo.

Mankhwala ake Tofazzal ankawadziwa. Umalemba mizereyo mwatsopano pa kompyuta, yonse yakuda: wina wonenepa, wina wodukaduka, wina wa madontho. Dzina la mzere uliwonse umalilemba kumapeto kwake, chifukwa kabokosi ka mitundu kaja kalibenso ntchito. Mzere wa mphodza, wabuluu, anaumaliza msangamsanga n'kuupatsa madontho. Kenako anayamba kulondola iwiri yotsalayo, wofiira ndi wobiriwira. Pakati pa tsamba inakumana, inayenda mogundana pang'ono, n'kusiyananso, wina kukwera, wina kutsika.

Dzanja la Tofazzal linaima pamenepo. Maso ake sasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira, anabadwa choncho. Kwa iye mizere iwiriyo inali yofanana ngakhale mitundu isanachotsedwe. Mumsika monse palibe amene ankadziwa kupatula a Mokhlesur, amene kuyambira ali ana ankamusankhira malaya ndi mango akupsa, ndipo pashopu ankatenga okha ntchito zonse za mitundu osanenapo kanthu.

Anakulitsa chithunzicho mpaka mizere inasanduka matope. Achimwene ake anali ndi kanjira kouza kompyuta kuti idetse chofiira n'kuwalitsa chobiriwira isanachotse mitundu, koma iye sanakaphunzire. Ankati nthawi ilipo. Anayesa kukokakoka apa ndi apo, tsamba lonse linangoda. Anatuluka, anagula singara, kasamusa kakumeneko, analuma kamodzi n'kuiwala pamene waisiya.

"Tofazzal, lero nsikidzi zakuluma kuti?" anafuula wogulitsa tiyi.

"Iwe samala tiyi wako wamadzimadziyo."

Akanatha kumufunsa wa tiyiyo. Koma pakamwa pa munthu ameneyo ndi wailesi, ndipo dzuwa lisanalowe Nilkhet yense akanadziwa kuti pali wosindikiza amene saona mitundu. Ndani angamubweretserenso ntchito? Anaganizanso zongolota. Anyezi ndiye amakonda kukwera mtengo, ndiye wokwerawo ukhale wa anyezi. Nanga zikakhala kuti ndi mpunga? Ana mazana aloweza bodza, aphunzitsi aona, basi, ulendo wa ku Bogura. Anachita mantha enieni.

Safunsa anadya phula. Tofazzal anatenga foni yokhala ndi chithunzicho, natuluka pakhomo pake n'kulowa pakhomo loyandikana nalo, ulendo waufupi kwambiri umene unamulemera kuposa wina uliwonse.

A Mokhlesur anali pa kompyuta, akutafuna pani, tsamba limene anthu akumeneko amakonda kutafuna, magalasi ali pamphuno. Sanadzutse mutu.

"Achimwene."

"Ee, kodi ndili ndi mng'ono? Ndimayesa kuseriko kuli makoswe."

"Ndangobwera kudzafunsa kanthu kamodzi."

"Bwana wamkulu kufunsa? Lero kugwa mvula." Anayang'ana foniyo, nkhope n'kusintha. "Iyi si ntchito ya a Saha iyi? Wanditengera kasitomala, ndiye ukufuna ndikutafunirenso?"

"Anabwera okha. Ingondiuzani, ikasiyana apa, wofiira ukupita kuti?"

Mkuluyo anasuzumira panja ngati pali amene akumvetsera. Kenako anaika chala chake chonenepa pa foniyo, nachiyendetsa pang'onopang'ono kudutsa pamene mizere yagundana, n'kukwera nacho m'mwamba.

"Uwu. Wofiira ndi mpunga, ndiye wokwerawo. Anyezi akutsika. Tsopano choka, ukunditchinga mphepo."

Tofazzal anabwerera. Mpunga anaupatsa mzere wonenepa, anyezi wodukaduka. Anasindikiza tsamba limodzi, analikopa, nakopanso lokopedwalo. Mizere itatu inatuluka bwinobwino, uliwonse ndi dzina lake, moti ngakhale wa maso ofooka sakanasokoneza.

Anaika tsambalo pagalasi la makina, nalemba chiwerengero cha makope. Pamenepo m'pamene ganizo loipa linamulowa. Mpunga kukwera kuposa anyezi? Chaka chiti? Tsambali likalakwika, a Saha abwerera kwa ndani? Kwa mwini chala chomwe chija. Ndipo iye analibe njira yotsimikizira. Akanayang'ana chithunzicho mpaka mawa, maso ake sakanamuuza kanthu.

Anayenda mpaka kukhoma, nabwerera. Anapitanso. Kunja wa tiyi ankatsuka makapu, wokonzeka kuyankha funso lililonse ndi kulifalitsa. Kuseri kwa thabwa kunali zii. Ngakhale kompyuta sinkamveka kugogoda. A Mokhlesur ankamvetsera, ndipo Tofazzal anadziwa chimene ankadikira kumva: phazi lake likupita kukafunsa munthu wina, kapena makina akuyamba.

Anachita manyazi, chifukwa anazindikira kuti chimene ankakayikira sichinalinso mzere. Anadina batani. Makina anayamba kulira, mapepala akugwa limodzilimodzi, ndipo patapita kanthawi, kuseri kwa thabwa kuja, achimwene ake anayambiranso kulemba.