Kope lomwe ndinatola m'chigafa

Kalata inabwera tili pakati posankha fodya. Ine kuwerenga ndimachita kugwira chilembo chimodzichimodzi ngati ndikutola nyemba, ndiye ndinangomvapo zitatu: sukulu, kompyuta, mubwere Lachinayi. Ndinati, ohoo, ndi kope lija mdzukulu wanga anaiwala m'chigafa pa holide. Ndinalikuntha fumbi, n'kulimanga m'chitenje, ulendo wa ku Nkhamenya ndikuimba panjinga ya kabaza.

Nyimbo inathera pakhomo pa chipinda cha makompyuta. Mdzukulu wanga uja, mtsikana wa Folomu 4, amene ndamulera mayi ake ali ku Joni, anali chiimire, maso pansi. Aphunzitsi ake, mayi wamng'ono thupi, anandipatsa mpando.

"Agogo, ana ndinawapatsa ntchito yolemba pulogalamu, malangizo amene kompyuta imatsatira. Ya mwana wanuyu ndikukayika kuti analemba yekha. Kuli makina a pa foni amene amalembera munthu. Ngati anangokopera, lamulo lathu ndi lakuti apite kunyumba milungu iwiri."

Milungu iwiri, mayeso a boma ali pakhomo.

"Ndiye yalakwika, mayi?"

"Ayi. Yakongola mopitirira."

Anayala mapepala awiri patebulo, la teremu yatha ndi la tsopano. Ngakhale ine ndinaona. Lakalelo mizere inali ina yalowa, ina yatuluka, ngati mizere ya m'munda yolima ana. Latsopanolo lili ndondondo, zigawo zofanana, mipata yofanana.

Anandilozera timawu tina. Akuti timeneto kompyuta imangotidumpha, n'tokumbutsa munthu. Mdzukulu wanga kale ankalemba kamodzi mwa apo ndi apo, monga "apa musakhudze". Tsopano pafupifupi mzere uliwonse unali ndi kake, Chingerezi chosalala, kufotokoza ndi zoonekeratu zomwe: apa tikuwonjezera chimodzi. Ndiye mayina. Akuti chilichonse chimene pulogalamu ikusunga, wolemba amachipatsa dzina. Wanga ankangoti x, kenako x2. Lero mayina ataliatali, onse osokedwa mofanana.

Ndinazimva. Timitolo ta fodya tikasakanikirana m'chigafa, ine ndimadziwa kamene wamanga mpongozi wanga ndi kamene ndamanga ine. Dzanja silibisika.

"Kukongola pakokha si umboni," anatero aphunzitsi. "N'chifukwa chake ndikufunsa pamaso panu. Iwe, mzere uwu ukuchita chiyani?"

Mwana anayankha. Wachiwiri anayankhanso. Pa wachitatu, anakakamira.

"Zimenezi sindinakuphunzitse. Unazitenga kuti?"

Manja anga, posowa chochita, anamasula chitenje.

"Mayi, ine ndimayesa mwandiitanira ichi."

"Agogo, ayi," mwana ananong'ona.

Aphunzitsi analandira kope lonunkha fodya lija. Anatsegula tsamba, lina, lina. Zofufutafufuta, mivi yolozera uku ndi uku. Ndinaona pakamwa pawo pakufuna kuseka, koma anadzigwira.

"Masamba. Timitolo. Zinyalala." Anakweza maso. "Nanga dzina ili lakuti agogo likusunga chiyani?"

"Masamba okanidwa, madamu. Iwowa amakana ambiri."

Pamenepo ndi pomwe anaulula, misozi ili chuchuchu. Pulogalamu yake inali yowerenga masamba a fodya m'magiredi. Anailemba pamanja kumudzi, poti kwathu kulibe kompyuta, anajambula masamba a kopelo pa foni ya mnzake, ndipo atafika kusukulu anachita manyazi. Anzake a m'tauni akanaseka mayina a m'chigafa. Ndiye anauza makina aja kuti ayikonze, makinawo n'kuilemba yonse mwatsopano.

"Wandibisa ine?" ndinamufunsa.

Aphunzitsi anakhala nthawi akufananiza kope ndi pepala. Kenako anati, "Zimene unaperekazi si zako, ndazikana, ndipo malikisi ena wataya. Koma ngati za m'kopezi ndi zako, khala apo uzilembe ine ndikuona. Ola limodzi. Ikayenda, ndikauza ahedi kuti utsale."

Tayi tayi tayi, zala pa mabatani. Anayesa koyamba, kompyuta inakana ndi zilembo zofiira. Anayang'ana aphunzitsi, iwo anayang'ana pawindo. Ine ndinayamba kung'ung'udza nyimbo ya kumvano chapansipansi, mwana n'kuti, "Agogo, chonde." Ndinameza.

Anatsata mzere ndi chala, monga ndinamuphunzitsira kutsata msempha wa tsamba. Anapeza kachizindikiro kamene anaiwala kutseka. Anayesanso.

Manambala anatsika, gulu ndi gulu. Pansi penipeni ndinaona mawu amene ndimatha kuwerenga popanda wondithandiza: agogo.

"Watsala," anatero aphunzitsi. "Koma mizere yakoyi ndi yokhota ndithu. Lolemba tidzaiwongola, ndi manja ako."

Nthungululu inandipulumuka m'chipinda cha anthu ophunzira, mpaka mlonda anasuzumira pakhomo. Kope anatsala nalo aphunzitsi. Ine ndinabwerera ndi chitenje chopanda kanthu, ndikuimba mpaka wakabaza anandipempha kuti ndisamavine, tingagwe.