Milu Inayi pa Mphasa

Ndinalekezera sukulu Sitandade 6. Ndinagwira ukapitawo pa esiteti ya tiyi mpaka imvi, ndipo lipoti langa silinabwezedwepo.

Mwana wanga wamkazi anaphunzira zaulimi. Anafufuza minda ya alimi a tiyi ku Nsabwe, nalemba pepala loti lituluke m'magazini ya akatswiri. Mkonzi analibweza. Anati chidule cha pamwamba, chomwe anthu amayamba kuwerenga, n'chopanikizana: cholinga, njira, zopeza ndi mfundo yomaliza sizikuoneka. Anamupatsa mpata umodzi. Popanda pepalalo, maphunziro apamwamba amene ankafuna akanamudutsa.

Anafika Lachisanu, maso ali ofiira. Ndinamuuza kuti pepala lidikire, Sabata lithe.

Lamulungu m'mawa tinakhala pakhonde. Chizungu chake sindinkachitha, choncho ankandimasulira chiganizo chimodzichimodzi. Anayamba ndi mbiri ya tiyi ku Thyolo. Anafika pakati ndisanamve chimene anapitira kumindako.

Ndinamufunsa monga ankandifunsira amanejala pobwera kumunda: unakatani, unachita bwanji, unapezanji, ndiye titani. Pakamwa anayankha bwino. Ankafuna kudziwa ngati kusiya nthambi zodulira m'munda kumachulukitsa masamba kuposa kuzitola nkhuni. Munda uliwonse anaugawa pawiri, mbali ina kusiya, ina kutola, n'kumayeza masamba pasikelo.

Ndinaitanitsa sizasi kwa amayi ake. Mwana wangayo anadula chidulecho chiganizo chilichonse pachokha, tinasanja milu inayi pa mphasa, mwala pamwamba kuopa mphepo. Mbiri ya tiyi inasowa mulu. Ndinaikankhira pambali ngati masamba okhwima. Iye anapulumutsapo kachiganizo kamodzi kotsegulira. Mulu wa njira unatupa. Pa mulu wa zopeza panali kapepala kamodzi, koti zotsatira zafotokozedwa m'katimo.

"Ndiye unapezanji?"

"Mbali yosiya nthambi inabereka kwambiri, ababa. Manambala ali m'kati."

"Munthu wobwera kusikelo sauzidwa kuti kulemera kuli kuofesi. Lemba pano."

Analemba, ndi manambala ake omwe.

Tinakangana pa mulu womaliza. Iye analemba kuti alimi onse m'Malawi asiye kutola nthambi. Ndinamufunsa ngati ku Nkhata Bay anayezako. Anati ayi, koma mawu aakulu ndiwo amakopa akonzi. Ndinamuuza kuti sindinalengezepo za munda umene sindinapondemo. Mkwiyo unaoneka pamphumi pake ngati wanga. Kenaka anafufuta, nalemba za minda imene anayeza yokha, ndi kuti kwina kukufunika kuyesa.

Anakopera zonse motsatana, nawerenga mawu kuti asapyole malire a mkonzi. Anandimasuliranso. Ndinamva zonse ulendo umodzi.

Mkonzi uja analilandira pepalalo. Magaziniyo ili m'sutikesi mwanga. Ndimawerenga ndime yoyambayo yokha, ndi chala, ndipo ndimadziwa pamene mulu uliwonse ukuyambira.