Achemwali Anajambula Mkono Wokha

Achemwali anga ndi oluka tsitsi. Saluni yawo ndi kachipinda kamodzi kogundana ndi nyumba: mipando iwiri, galasi long'aluka pakona, ndi mawigi olendewera pamisomali. Ine ndimakhala nawo chimwalirire bambo a kwathu, ndipo ntchito yanga ndi kutsuka mitu ndi kusesa. Luso ali nalo, zimenezo sindingawamane. Kasitomala akangowaonetsa chithunzi pafoni, amachiyang'ana kamodzi, n'kunena kuti, "Khalani pansi." Pofika madzulo mutu wafanana ndendende ndi wa pachithunzipo. Vuto ndi lakuti zimenezi zinawalowa m'mutu. Kwa iwo, chithunzi chimanena zonse. Nsalu amagula pachithunzi, nsapato pachithunzi. Ndimawaseka kuti alamu okha ndi amene anawasankha pamaso, n'chifukwa chake anaphonya.

Mwana wawo wachisamba amagwira ntchito kutali kwambiri. Anabereka komweko, ndipo achemwali mdzukuluyo ankangomudziwira pafoni. Kenako uthenga unabwera wakuti akubwera naye, koma adzagona tsiku limodzi lokha, chifukwa tchuthi n'chachifupi ndipo akuyenera kukafikanso kwa apongozi ake. Achemwali anasangalala ngati mwana. Anagula nsalu yatsopano yoberekera, n'kumauza kasitomala aliyense, wofuna kumva ndi wosafuna yemwe, kuti adzamubereka kumbuyo tsiku lonse.

Nthawi imeneyo n'kuti atayamba kale kudzikanda. Masana ankapirira, koma akangolowa m'bulangete, thupi likatenthedwa, eee! Khoma lathu ndi lopyapyala, ndinkamva kwee, kwee, ngati munthu akupala mphika. M'mawa ankatuluka maso ali psuu.

"Achemwali, tiyeni kuchipatala," ndinatero.

"Kukakhala pamzere tsiku lathunthu? Mitu ya anthuyi aluka ndani?"

Ndiye anachita zimene amadziwa. Anasankha pamkono pamene anakanda kwambiri, pofiira, pokhakhala, poyamba kusupuka, n'kujambula foni ataiyandikiza mpaka kutsala pang'ono kugunda khungu. Zala sanajambule. Zala za woluka tsitsi zioneke ndi timatuza? Ayi ndithu. Za m'chiuno, m'khwapa ndi pansi pa mabere, ndinangotchula, iwo n'kundiyang'ana ngati ndawatukwana. Chithunzicho anachiyerekeza ndi zina za pa intaneti, anachitumiza kugulu la anzawo a masaluni, ndipo onse anavomerezana: ekizima, nthenda ya khungu louma ija, yosapatsirana. Wina anati ndi mankhwala owongolera tsitsi akuwawotcha. Kumalo ogulitsira mankhwala anakaonetsanso foni yomweyo, manja n'kuwabweza msanga m'thumba, n'kubwerako ndi kachubu kodzola.

Kachubuko kanatinamiza tonse kwa masiku angapo. Kufiira kunachepa, achemwali n'kumayenda monyadira. "Waona? Iwe ukanandigonetsa pamzere." Koma usiku mphika uja unkapalidwabe. Posakhalitsa alamu anayamba kudzikhula pafelemu la chitseko. Patapita milungu ingapo nanenso, amene ndimawasisita msana madzulo ndi kufunda nawo nsalu imodzi poonera kanema, ndinaona timatuza pakati pa zala.

"Ekizima yanuyi ili ndi miyendo?" ndinafunsa. "Munati siipatsirana. Yafika bwanji kwa ine?"

"Ndi ya kumtundu."

"Nanga alamu ndi a mtundu wathu?"

Anangotsonya. Ndinatopa nawo, ndinene zoona. Ndinawakumbutsa za khanda likubweralo, iwo n'kuti ndili ndi pakamwa poipa. Lero mawa, lero mawa, mpaka linafika tsiku lenilenilo limene alendo ankafika madzulo. M'mawa umenewo alamu, amene nthawi zonse salankhula, anavala nsapato n'kunena kuti, "Ine ndikupita kuchipatala. Wotsala atsale." Tinawatsatira tonse awiri.

Adokotala anali mayi wachikulire. Achemwali asanakhale n'komwe anatulutsa foni. Adokotala anayang'ana, n'kugwedeza mutu.

"Pachithunzi chokhachi, nanenso ndikanatha kunena kuti ndi ekizima. Khungu lililonse lokandidwa kwambiri limafiira ndi kukhakhala chimodzimodzi. Ikani foniyo, mundipatse manja."

Anatambasula zala chimodzichimodzi, anatembenuza mkono pomangira wotchi, n'kutionetsa timizere tating'ono tokhotakhota, totuwa. Anayang'ana m'khwapa, pamchombo, m'chiuno modutsa lamba. Kumaso kunalibe kanthu. Anafunsa kuti kuyabwa kumakula nthawi yanji, komanso kuti m'nyumba akudzikanda angati. Alamu anakweza dzanja ngati ali m'kalasi.

"Ndi mphere izi, mayi," anatero adokotala. "Ndi kachilombo kakang'ono kwambiri, kamakumba pakhungu n'kuikira mazira. Timizereto ndi njira zake. Chithunzi sichinena kuti zatulukanso pati, sichinena za usiku, sichinena za anzanu a m'nyumba. Chimene mwakhala mukudzolacho chimangoziziritsa kuyabwa, tizilombo tikuswana bwinobwino."

"Mphere? Ine ndimasamba kawiri patsiku!"

"Sizisankha wosamba. Zimadutsa khungu likakhudzana nthawi yaitali, ndiponso pogona pamodzi."

Anatipatsa mankhwala odzola tonse atatu tsiku limodzi, kuyambira m'khosi mpaka kuphazi, m'zala ndi m'zikhadabo momwe, osasamba mpaka mawa lake, n'kudzabwerezanso sabata ikatha. Zofunda ndi zovala zichapidwe ndi madzi otentha, zosachapika zimangidwe m'jumbo kwa sabata. Anati kuyabwa kupitirira milungu ingapo ngakhale tizilombo titafa. Apo achemwali anafunsa motsitsa mawu za khanda.

"Likufika liti?"

"Lero madzulo. Mawa m'mawa akupitirira."

Adokotala anapukusa mutu. "Mukanabwera ngakhale dzana, bwenzi ndikunena zina. Lero musamunyamule. Khanda mphere zimaligwira mpaka m'mutu ndi m'mapazi, silingagone."

Tinabwerera kunyumba. Saluni tinatseka, bwalo lonse linadzaza mabulangete. Nsalu yoberekera ija, popeza ankaiyeserera pathupi tsiku lililonse, inalowa m'beseni limodzi ndi zinazo. Alendo pofika anatipeza titatuwa mbuu, tikununkha mankhwala. Achemwali anaimirira pakhonde, manja atawabisa kumbuyo, n'kufotokoza okha. Mkamwini wawo, amene anabwera nawo limodzi, anapeza chipinda kunyumba ya alendo, ndipo sindimuimba mlandu.

Anakhala nafe panja mpaka dzuwa kulowa, iwo pabenchi uko, ife kuno. Kamwanako n'konenepa, tsitsi lambiri lakuda bii, loti woluka aliyense zala zingamuyabwe. Kanayang'ana agogo ake, n'kutambasula timanja. Achemwali anadzuka, anaponda kamodzi, n'kubwerera kukhala pansi. Ine mkwiyo wonse wa milungu ija unangosungunuka, n'kutsala chisoni.

M'mawa anadutsa kudzatsanzika, galimoto ili chilizire.

"Musadandaule, amayi," anatero mwana wawo ali pawindo. "Ndizikutumizirani zithunzi tsiku lililonse."

Asanafike n'komwe pamsewu waukulu foni ya achemwali inalira. Ndinaona kuti ndi kamwana kaja, kakuseka. Ndinawapatsira. Achemwali anayang'ana nthawi yaitali, akusisita galasi la foniyo ndi chala chotuwa.

"Kodi iwe," anandifunsa, "pamene ankakakweza m'galimoto dzulo madzulo paja, unaona ngati n'kolemera?"