A Makiyi ndi Chilankhulo cha Akazi Awo

Pafakitale yosoka mayunifolomu aliyense ankawatcha a Makiyi, chifukwa ndiwo ankasunga chipinda cha nsalu ndi ulusi, ndipo poyenda makiyi ankawalirira m'chiuno ngati mbuzi ya belu. Anali munthu wamtali, wosakonda zolankhula. Ukapita kukapempha ulusi wabuluu ankakuyang'ana pamwamba pa magalasi n'kufunsa kuti, "Wabuluu uti?" Basi nkhani yathera pomwepo.

Antchito a pafakitalepo anali a zilankhulo ziwiri. Ena anali akuno, ena anachokera kutsidya kwa mtsinje, ndipo chilankhulo chawo anthu ankangochitcha chakutsidya. A Makiyi anali akuno, koma chakutsidya ankachidziwa. Anachiphunzira ali mnyamata, atakopeka ndi mtsikana wogulitsa mabatani ndi mazipi pamsika, yemwe anawauza kuti sangakwatiwe ndi munthu woti sangathe kupereka moni kwa amayi ake. Anaphunzira moniwo, anamukwatira, ndipo zina zonse anaziphunzirira m'nyumba: pokangana za mchere, polera ana, pomudwazika. Mkaziyo atamwalira, chilankhulocho chinangoti zii pakamwa pawo. Akutsidya akawapatsa moni, iwo ankayankha m'chakuno.

Osoka anali m'mizere iwiri. Mzere woyamba unali wa akuno, ndipo kapitawo wake anali mayi wina wachangu amene ankamutcha Mayi Liwiro. Wachiwiri unali wa akutsidya, kapitawo wake bambo wonenepa, woseka ndi aliyense, a Chimimba. Kumapeto kwa chaka kapitawo aliyense ankapereka mamalikisi kwa anthu ake, kuyambira 1 mpaka 5, pa zinthu monga kusoka mwaukhondo, kusamala makina ndi kugwirizana ndi anzako. Mamalikisiwo ndiwo ankaonetsa woyenera kukwezedwa kapena kutumizidwa kumaphunziro.

Chaka chimenecho kunabuka kung'ung'udza. Anthu a Mayi Liwiro ambiri anapeza 3, a Chimimba anthu awo pafupifupi onse 4. Chonsecho zovala zobwezedwa chifukwa cha msoko wokhota zinali zofanana mizere yonse iwiri. Akuno anayamba kunena kuti akutsidya amakonderana. Pa nthawi ya tiyi, anthu amene kale ankabwerekana makapu anayamba kukhala motalikirana.

Mayi woyang'anira za antchito, amene onse ankangomuti Abwana a kuofesi, anabwera kuchipinda cha nsalu atanyamula mapepala.

"Bambo, ndamva kuti chakutsidya mumachidziwa."

"Ndinkachidziwa."

"Sindikukhulupirira kuti a Chimimba amakondera. Ndikuganiza kuti pepala limene iwo amawerenga silikunena zofanana ndi limene Mayi Liwiro amawerenga. Amene anamasulira anali katswiri ndithu, koma sanalowepo muno. Tandiwerengerani, mundiuze zimene mukumva."

A Makiyi anafuna kukana. Koma maso anali atagwera kale papepalapo, ndipo milomo inayamba yokha kugwedera. Anawerenga mpaka pamene panali tanthauzo la nambala iliyonse, n'kuima.

"Apa pa 3, kwathu kuno mwalemba kuti chiyani?"

"Akukwanitsa ntchito yake monga ikufunikira."

"Mawu a chakutsidya ali apawa si olakwa. Amatanthauza kukwanira. Koma mayi a kunyumba ankawanena ndikawagulira nsalu yosawasangalatsa. Zili ngati kunena kuti, 'Bola, nanga n'kutani.' Munthu amene wakugwirira ntchito bwino chaka chonse sungamuuze zimenezo."

Anapezanso zina. Pamene chakuno chinkayamikira munthu wodziyambira ntchito osadikira kuuzidwa, chakutsidya chinkamveka ngati munthu wochita zake, wosamva za ena. Ndipo papepala lofotokoza ntchito ya wosoka, akuno ankauzidwa kuti makina akavuta adziwitse makaniko, pamene mawu a chakutsidya ankathanso kumveka kuti aone chochita. N'chifukwa chake osoka a mzere wachiwiri ankasunga timasikuludiraiva m'matumba, makaniko n'kumadandaula.

Abwanawo anawapempha kuti amasulirenso mapepala onse awiri. Anawapatsa tebulo pakona ya ofesi, masana aliwonse ntchito ikachepa. A Makiyi ankalemba ndi pensulo, kufufuta, kulankhula okha motsitsa. Tsiku lina mlembi wa muofesimo anawaona akuseka okha, tsiku lina akupukuta magalasi nthawi yaitali.

Atamaliza, abwana anati, "Tsopano pakufunika munthu wina amene sanaonepo pepala lachakuno. Awerenge zanuzi, azibwezere m'chakuno. Tikaika awiriwo pamodzi tidzaona pamene tanthauzo lapatuka. Asakhale wa pano. Mukumudziwa wina?"

Ankamudziwa. Mkulu wake wa malemu akazi awo anali mphunzitsi wopuma, wodziwa zilankhulo zonse ziwiri. Chichitikireni maliro anali asanapiteko. Sanayambane ayi. Kungoti mayiyo ankaseka ngati mng'ono wake.

Anapita Loweruka m'mawa. Anawapeza pakhonde akusokerera batani pa malaya.

"Ii, alamu! Ndimayesa munasamukira kumwamba osatsanzika."

"Ndilipo, alamu."

"Mulipo kuti? Taonani kuonda. Khalani apa. Mwabwera kudzandifunsira?"

"Ndabwera ndi ntchito."

"Ndinadziwa. Amuna a masiku ano."

Anawafotokozera zonse. Aphunzitsi anavala magalasi, natenga cholembera, n'kuyamba kuwerenga. Mizere yoyamba anaibwezera m'chakuno mosavuta. Kenaka anaima, n'kuwerenganso mokweza, n'kuphulika kuseka.

"Alamu, apa mukufuna kunena chiyani? Musandiuze, ndilemba zimene ndamva. Ndamva kuti, 'Amalera makina ake, amawapukuta ndi kuwafunditsa.' Makinawo ndi khanda?"

A Makiyi anakanda kumutu. "Mawu a kusamala ndimadziwa amenewo."

"Ndi kusamala kwa mwana kumeneko, kapena kwa wodwala." Anapitiriza. "Nanga apa: 'Sasunga mkwiyo mpaka m'mawa.' Fakitale yanuyo anthu amagona komweko?"

Anasekanso, koma kusekako kunathera panjira. Anaika pepala pamiyendo.

"Ndi mawu a mng'ono wanga awa," anatero motsitsa. "Ndi mmene ankalankhulira iyeyo. Ngakhale aka kamawu mwaika kumapetoka, palibe amakanena masiku ano. Anakatengera kwa amayi."

"Ine china sindidziwa, alamu. Chakutsidya chonse chimene ndili nacho n'chake."

Mumsewu munadutsa galimoto yogulitsa makala, mwana wa pafupi akulira. Kenaka aphunzitsi anamina, nati m'chakutsidya, "Tiyi mumwa?" Ndipo a Makiyi anayankha m'chakutsidya momwemo kuti amwa, shuga pang'ono. Mawuwo anatuluka okhakhala ngati chitseko chosatsegulidwatsegulidwa.

Aphunzitsi anamaliza kubwezera zonse osawafunsa kanthu, monga momwe abwana ankafunira. Lolemba anabwera okha kufakitale atavala ngati akupita kumsonkhano wa makolo. Atatuwo anayala mapepala patebulo: loyamba lachakuno, la a Makiyi, ndi lobwezeredwa. Pamene loyamba ndi lobwezeredwa ankagwirizana, ankadutsa. Pamene ankasiyana, ankakambirana. Kulera makina kunachoka, panalowa kupukuta makina pomaliza ntchito ndi kuthira mafuta pa tsiku lake. Mkwiyo wa m'mawa unachokanso. Pena vuto linapezeka kuti lili m'chakuno momwemo. Mawu oti "khalidwe labwino" aphunzitsi anawakana.

"Labwino kwa ndani? Kwathu mwana waulemu sayang'ana wamkulu m'maso. Kuno mumati akubisa kanthu. Lembani chimene munthu angachione ndi maso."

Abwana anavomera, nakonza pepala lachakuno lomwe. Pansi pa nambala iliyonse analemba zochitika: wa 3 amasoka zovala zimene wapatsidwa pa tsiku ndipo zobwezedwa sizipitirira malire; wa 4 amachita zimenezo n'kuthandizanso ena kukonza zolakwa zawo. Mawu a 3 m'chakutsidya anawavutitsa masana onse, mpaka anagwirizana pa mawu amene amanenedwa chovala chikamukhala munthu bwinobwino, osathina, osakhwepa.

Chotsala chinali kuyesa. Abwana anaitana akapitawo awiri aja, nawapatsa nkhani za osoka ongopeka, aliyense m'chilankhulo chake, kuti apereke mamalikisi osaonerana. A Makiyi anakhala pakati kuti azimasulira pokambirana.

Pa wosoka woyamba onse anapereka 3. A Chimimba anawerenganso mawu atsopano aja, nagwedeza mutu. "Awa ndingamuuze munthu ndikumuyang'ana," anatero.

Pa wachiwiri anasiyana. Nkhani yake inali ya mayi wosoka bwino amene ulusi ukamuthera amapita yekha kukatenga. Mayi Liwiro anapereka 4 pa kudziyambira ntchito, a Chimimba 2.

"Wachoka pamakina osandiuza," anatero a Chimimba.

"Ndiye azikhala manja lende kudikira inuyo?" anafunsa Mayi Liwiro.

A Makiyi anamasulira zonse, koma mawu a Mayi Liwiro anawafewetsa pang'ono. Abwana anazindikira. "Bambo, musathire shuga. Nenani mmene anenera."

Ananena. A Chimimba anaseka mpaka mimba kugwedezeka. Apa zinaoneka kuti vuto silinalinso mawu: awiriwo ankayendetsa mizere yawo mosiyana. Anakambirana mpaka anagwirizana kuti kukatenga ulusi n'koyamikika, bola munthu auze woyandikana naye kumene wapita. Chiganizo chimenecho chinalowa m'mapepala onse awiri tsiku lomwelo.

Potuluka, Mayi Liwiro anaima pakhomo. "Bambo Makiyi, tandiuzirani bambowa kuti ndinkawanena kuti amakondera. Andikhululukire."

A Chimimba atamva anayankha kuti nawonso ankauza anthu awo kuti mayiyo ali ndi mtima wa mwala, choncho palibe wopepesa mnzake.

Mamalikisi a chaka chimenecho anaunikidwanso ndi mapepala atsopano. Ena a mzere wachiwiri anatsika kuchoka pa 4 kufika pa 3, ndipo sanakondwe. Mayi wina sanawapatse moni a Makiyi kwa nthawi ndithu. Iwo zinawapweteka, koma sanadandaule kwa munthu. A Chimimba ndiwo anakhala ndi anthu awo mmodzimmodzi kuwafotokozera. Chaka chotsatira mizere iwiri ija inayandikana, ngakhale a Chimimba dzanja lawo linali lofewabe pang'ono, ndipo abwana anakhazikitsa zoti akapitawo azikumana kuyesa nkhani zongopeka nthawi ya mamalikisi isanafike.

A Makiyi anabwerera kunsalu zawo. Mwana wawo wamkazi, yemwe anakwatiwa kutali, anaimba foni Lamlungu lina masana n'kupeza kuti bambo ake sali pakhomo.

"Muli kuti, ababa? Kukumveka phokoso."

"Ndili kwa amayi ako aakulu. Akuti denga la bafa likudontha."

"Inu mumadziwa kukonza denga?"

"Sindidziwa. Iwo ali pansi akundiuza pokhoma."

Chapatali kunamveka mawu a aphunzitsi akukalipa kuti msomaliwo wapindikanso, ndipo atsike asanathyoke mwendo, chakudya chikuzizira.