Kalata Imene Ndinaifewetsa

M'zaka zimene salaula, zovala zakale zochokera kunja, inadzaza misika, ndinali kalaliki pa fakitale yosoka zovala. Itagulitsidwa, bwana watsopano anandipatsa kapepala ka mizere iwiri m'Chingerezi: odula nsalu onse ntchito yawo itha Lachisanu, asadzabwerenso. Ine ndinayenera kulemba uthengawo katatu.

Kwa bwana wamkulu wa kulikulu ndinalemba mwaulemu wonse: "Bwana, ndikupereka mayinawa m'manja mwanu, ngati mungaone kuti n'koyenera kusayina." Kwa kapitawo, mnzanga wa ku Matero amene tinkakwera naye minibasi, ndinangoti, "Mnzanga, anthu ako Lachisanu ndi lomaliza. Tionane masana." Makalata awiriwa sanandivute.

Yachitatu inali ya odula nsalu. Mmodzi wa iwo anali mkulu wina wachisilamu wa ku Chawama, amene makolo ake anachokera ku Malawi. Pa ntchito anali pansi panga, koma anali msinkhu wa bambo anga, ndipo suti ya ukwati wanga anadula ndi iyeyo. Kwa anzake ndinalemba mwaulemu koma mosabisa: ntchito yanu yatha Lachisanu. Pofika pa dzina lake dzanja linakana. Ndinamulembera ngati ndikulembera bwana: "Bambo, tikupempha, ngati n'kotheka, kuti mukayambe mwapuma kunyumba kuyambira Lachisanu. Tikuthokoza chifukwa cha ntchito yanu." Mawu akuti yatha sindinawaike.

Pempho munthu amatha kulikana. Lolemba m'mawa mkuluyo anabwera, lumo lake m'thumba, atanyamula yankho lolembedwa bwino loti akuthokoza chifundo cha kampani, koma thupi lake lidakali lolimba.

Ndinamupeza pageti. Mlonda wa kampani yatsopano yolondera, amene sankadziwa aliyense wa ife, anali atamutsekereza ndi ndodo.

"Iwe mudala, sumvela? Nchito inasila, palibenso nchito yako pano! Yenda ku nyumba ukalele bazukulu."

Azimayi ogulitsa vitumbuwa anatembenuka. Wina anati, "Imwe ba gadi, ulemu! Ni batate banu aba." Mlondayo anangoseka.

Mkuluyo anandiona. "Ba kalaliki, muuzeni mwanayu. Munandipempha kuti ndipume, ine ndayankha."

Ndinayenera kunena pomwepo, anthu akumva, zimene ndinalephera kulemba ndili ndekha muofesi.

"Bambo, ntchito yanu inatha Lachisanu. Si pempho ayi. Ndinalemba molakwa ndine."

Mkuluyo anafunsa ngati anzake anauzidwa bwinobwino. Ndinati inde.

"Ndiye anzanga anatsanzikana Lachisanu, ine ndikuwauza kuti tionana Lolemba," anatero. "Mwana wanga, munandilemekeza kwambiri mpaka mwandivula pamsewu."

Ndinamupempha kuti alowe, akhale pansi muofesi mwanga. Anakana. Anati munthu wopanda ntchito salowa pageti la eni ake, ndipo anauyamba wapansi kulowera ku msewu wa Kafue.